Pa malonda palibe cibale, ngakhale pa mkuwa

Aliyense amene anagulitsapo mbuzi amadziwa kuti mtengo umabadwa pa mkangano. Mwini mbuzi amayambila pamwamba, wogula amayambila pansi, amakokanakokana, wina amacita ngati akucoka, kenaka amakumana pakati. Mtengo umene wapezeka motelo timaukhulupilila cifukwa aliyense wa awiliwo anali kumenyela thumba lake. Koma ngati wogulitsa ndi wogula ali munthu mmodzi, palibe wokokana naye. Iye akhoza kulemba kuti mbuzi yagulidwa K50 kapena K5,000, ndipo sanataye kanthu, pakuti ndalamayo yangocoka m'thumba la kumanja kulowa m'thumba la kumanzele.

Zimenezi zikumveka ngati masewela a ana, koma ndi mmene gawo lalikulu la malonda a pakati pa maiko limayendela. Makampani aakulu sakhala kampani imodzi. Amakhala banja: kholo ku dziko lina, mwana wokumba mgodi kuno, mwana wina wogulitsa katundu kwina, winanso wobweleketsa ndalama kwinakwake. Ana amenewa amagulana katundu tsiku ndi tsiku, ndipo mtengo umene amalembelana umasankhidwa ndi kholo. Akatswili a misonkho ali ndi dzina la Cingelezi la zimenezi, amati thilansifa pulaisingi. Ife pano tizingoti mitengo ya pacibale.

Cimene tikunena ndi ici. Mtengo wa pacibale si nkhani ya m'nyumba ya kampani ayi. Ndiwo umagamula kuti phindu lidzaonekela ku dziko liti, ndipo kumene phindu laonekela ndi kumene msonkho umapelekedwa. Conco dziko limene mkuwa wakumbidwa lili ndi ufulu wonse wofunsa kuti mtengowo unapezeka bwanji, ndi kuukana ngati si umene mlendo akanalipila.

Tiyeni tiwelengele limodzi. Manambala awa tawapeka dala kuti akhale osavuta, si a kampani iliyonse. Tinene kuti pa msika wa zitsulo wa ku London, uja wochedwa London Metal Exchange, mkuwa woyengeka bwino ukugulidwa madola 9,000 pa tani imodzi. Mgodi wina wa ku Kopabeluti umawononga madola 7,000 kuti utulutse tani imeneyo, kuphatikiza malipilo a anchito, magetsi, mafuta ndi makina. Kunyamula mkuwawo kukafika kwa wougwilitsa nchito, pamodzi ndi inshuwalansi, kumadya madola 300.

Wamalonda wacilendo, amene alibe cibale ndi mgodiwo, akabwela kudzagula pa geti, sangalipile 9,000 yonse. Adzacotsapo 300 ya ulendo, ndi 100 ya phindu lake cifukwa nayenso sagwila nchito yaulele. Adzalipila 8,600. Mwini mgodi sangalole kutsika kwambili kuposa apa, cifukwa akudziwa kuti wogula wina ali panjila. Mgodi wapeza phindu la 1,600 pa tani. Msonkho wa phindu ukakhala 30 pa 100 iliyonse, monga ulili ku migodi ya m'Zambia, boma lilandila madola 480.

Tsopano wogula akhale mlongo wake wa mgodiwo, kampani ya banja lomwelo imene ili ndi ofesi ku dziko la msonkho wocepa. Kholo lalamula kuti mtengo ulembedwe 7,500. Mgodi waonetsa phindu la 500 cabe, ndipo boma lilandila 150. Mlongo uja agulitsa mkuwa womwewo pa 9,000, alipila 300 ya ulendo, ndipo atsala ndi 1,200 m'malo mwa 100 imene wamalonda wacilendo akanakhutila nayo. Phindu la madola 1,100 lasamuka popanda kukwela thilaki kapena ndeke. Ngati kumeneko msonkho ndi 15 pa 100, banjalo lipeleka 165 pa ndalama imene kuno ikanapelekedwa 330.

Onani bwino zimene zacitika. Mkuwa ndi womwewo, anchito atuluka thukuta lomwelo, wogula womaliza walipila ndalama yomweyo. Casintha ndi nambala imodzi pa pepala. Koma Zambia yataya madola 330 pa tani iliyonse, ndipo mgodi ukagulitsa matani 50,000 pa caka, ndiye kuti madola 16.5 miliyoni apita. Wotaya si boma lokha. Ngati dziko lili ndi masheya ocepa mu mgodiwo, gawo lake la phindu limacepanso, cifukwa lilibe masheya mu kampani ya kunja ija. Anchito nawonso akapempha kuwonjezela malipilo amaonetsedwa mabuku osonyeza kuti mgodi ukungopuma movutikila.

Pofuna kutseka khomo limeneli, maiko ambili anagwilizana pa lamulo limodzi losavuta kulimva: makampani apacibale azigulana pa mtengo umene akanagwilizana anthu awili osadziwana, pa katundu wofanana ndi m'mikhalidwe yofanana. Tingaliche lamulo la mtengo wa mlendo. Bungwe la OECD ndi la United Nations onse analemba malangizo a mmene lamuloli ligwilila nchito, ndipo lilinso m'lamulo lathu la msonkho wa phindu. Lamuloli sililetsa abale kugulana. Limangonena kuti powelengela msonkho, bungwe la ZRA lingathe kufafaniza mtengo wa pacibale ndi kuikapo wa mlendo, kenaka kulipilitsa msonkho pa kusiyanako.

Izi si nthano. Zinacitika ndi Mopani Copper Mines, kampani ya migodi ya ku Nkana mu Kitwe ndi ku Mufulira. Pa nthawi imene tikukambayi, gawo lalikulu la kampaniyi, pafupifupi 73 pa 100, linali la Glencore, kampani yaikulu yogula ndi kugulitsa zitsulo imene likulu lake lili ku Switzerland. Boma, kupyolela mu ZCCM-IH, linali ndi 10 pa 100. Mopani inali kugulitsa mkuwa wake wambili kwa Glencore International AG, ndiko kuti kwa mwini wake yemwe. A ZRA atafufuza mabuku anaona kuti mitengo imene Mopani inali kulandila kwa Glencore inali yotsika poyelekeza ndi imene inali kulandila kwa ogula ena amene sanali abale ake. Anawelengelanso msonkho wa zaka za 2006/07, 2007/08 ndi 2009/10.

Mopani inakana. Mwa zina, inanena kuti kusiyanako kunabwela cifukwa ca mapangano omangilatu mtengo pasadakhale. Mapangano otele alipodi pa malonda a zitsulo: mgodi ukaopa kuti mtengo udzagwa, umagwilizana lelo ndi wogula mtengo wa mkuwa umene udzapelekedwa miyezi ya kutsogolo. Mtengo ukagwa mgodi wapulumuka, ukakwela wogula ndiye wapindula. Pakati pa alendo, kubechelana kumeneku n'koona. Koma pakati pa mwana ndi kholo lake funso limabwela lakuti: ndani anataya ciyani, popeza zimene mwana waluza kholo lawina? Nkhaniyi inadutsa m'bwalo lomva madandaulo a misonkho mpaka inafika ku Khoti Lalikulu Kwambili, ndipo mu May 2020 khotilo linagamula mokomela ZRA. Mopani inalamulidwa kulipila msonkho wowonjezela wa K240 miliyoni, umene pa nthawiyo unali pafupifupi madola 13 miliyoni.

Cimene cinathandiza ZRA pa mlanduwu n'cakuti panali cofananitsila. Mgodi womwewo unali kugulitsa mkuwa kwa abale ndi kwa alendo, conco zinali zotheka kuika mitengo iwiliyo pambalipambali. Imeneyi ndiyo njila yoyamba ndi yomveka bwino koposa yoyesela mtengo wa pacibale. Pa mkuwa tilinso ndi mwayi wina, woti mtengo wake umalengezedwa poyela tsiku lililonse ku London. N'cifukwa cake lamulo lathu limanena kuti mgodi ukagulitsa citsulo kwa m'bale wake, powelengela msonkho muyeso ukhale mtengo wa pa msika umenewo, osati umene abalewo alembelana.

Apa pali cinthu cimene ife okwiya timakonda kulumpha, ndipo kucilumpha kumatifooketsa. Sikuti mtengo uliwonse wotsika kuposa wa ku London ndi cinyengo. Mtengo wa ku London ndi wa mkuwa woyengeka kothelatu, umene wafika kale m'nkhokwe zovomelezeka. Migodi ina imagulitsa dothi la mkuwa losefedwa cabe, limene mkuwa weniweni umakhalamo wosafika ngakhale theka, ndipo wogula amayenela kulipila ng'anjo kuti aliyenge. Ina imagulitsa mkuwa wosungunulidwa koma wosamalizidwa kuyenga. Dziko lathu lilibe nyanja, ndipo ulendo wa ku Dar es Salaam, Durban, Beira kapena Walvis Bay si waulele. Palinso tsiku: mtengo umasintha tsiku ndi tsiku, conco mkuwa wa mu March suyesedwa ndi mtengo wa mu June. Zonsezi ndi zifukwa zoona zocotsela pa mtengo, ndipo wofufuza wosazidziwa adzagonja m'khoti.

Koma zifukwa zoona zomwezi ndi zimene wacinyengo amabisalamo. Ngati lamulo latseka khomo la mtengo, iye amapita ku zocotsela. Amalemba kuti dothilo lili ndi mkuwa wocepa kuposa umene ulimodi. Sachula golide, siliva kapena kobalti amene ali m'katundu yemweyo, amene wogula wacilendo akanalipila padela. Amakweza mtengo wa ulendo, umene mwina ukupelekedwa kwa kampani ya mathilaki ya banja lomwelo. Kapena amadikila mpaka mwezi utatha, n'kusankha tsiku limene mtengo unali wotsika kwambili ngati tsiku la malonda. Njila yomugwilila ndi kufunsa umboni pa cocotsela ciliconse: cikalata ca labotale yodziimila payokha, lisiti ya wonyamula katundu, ndi pangano losainidwa katunduyo asananyamuke, osati pambuyo pake. Malonda ndi m'maso, ndipo boma lopanda sikelo ndi labotale yake limangomvela za m'maluwa.

Khomo lina silidutsa pa mkuwa n'komwe. Phindu ndi zolowa kucotsapo zotuluka, conco lingacepetsedwe mwa kutupitsa zotuluka. Kholo lingalipilitse mwana wake ndalama za "uphungu" kapena "utsogoleli" caka ciliconse. Funso loyenela pamenepo ndi losavuta: kodi nchitoyo inagwilidwadi, ndani anaigwila, ndipo kodi kampani yodziimila payokha ikanalipila mlendo ndalama zotelo pa nchito yomweyo? Kholo lingathenso kubweleka mwana wake ndalama m'malo mogula masheya, n'kuika ciwongoladzanja cokwela, cifukwa ciwongoladzanja cimacotsedwa msonkho usanawelengedwe. Pa ici Zambia inaika malile kuyambila mu 2019: ciwongoladzanja cimene kampani ingacotse sicipitilila 30 pa 100 ya phindu la nchito yake, lowelengedwa ciwongoladzanja, msonkho ndi kutha kwa makina zisanacotsedwe. Cizindikilo cimene aliyense wa ife angacione ndi ici: kampani imene imalila kuluza caka ndi caka, koma eni ake sakuitseka, akungoibwelekabe ndalama ndi kuigulabe katundu wake. Munthu sasunga ng'ombe yosakama zaka khumi ngati sakudziwa kumene mkaka ukutulukila.

Tsopano tiyankhe zimene timauzidwa nthawi zonse.

Ena amati ndi kampani yao, aisiye iike mitengo mmene ifunila. Inde, ndi yao, ndipo m'mabuku ao a m'nyumba alembe ciliconse. Koma mphunzitsi wa ku Katete sasankha yekha malipilo amene msonkho wake udzawelengedwelapo. Msonkho umadulidwa ndalama isanafike m'manja mwake, ndipo iye amangouona pa peyisilipi. Mayi wogulitsa tomato pa msika wa Soweto sauza khansolo kuti lelo alipila theka cifukwa wagulitsa kwa mlamu wake. Kampani yokhala ndi mlongo kunja ndiyo yokha imene ili ndi mphamvu yosankha kukula kwa phindu lake la kuno. Ngakhale kampani ya Mzambia imene ikupikisana nayo ilibe mphamvu imeneyo. Kulola zimenezi ndi kukhala ndi malamulo awili m'dziko limodzi, lina la ife, lina la iwo.

Ena amati migodi imalipila kale msonkho wa pa mwala, uja umapelekedwa pa tani iliyonse yokumbidwa, ndipo umawelengedwa pa mtengo wa ku London, conco palibe cotayika. N'zoona kuti msonkho umenewo ndi wovuta kuuzemba ndi mitengo ya pacibale, ndipo ndiye ubwino wake. Koma uwo ndi mtengo wa mwala wathu, umene ukacoka subwelela. Msonkho wa phindu ndi wina, umene kampani iliyonse yopindula m'dziko muno imalipila. Kulipila lendi ya sitolo sikucotsa nkhongole ya magetsi.

Ena amati mukawafinya adzathawa, ndipo nchito zidzatha. Awa amatikumbutsa mwambi wakuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Koma lamulo la mtengo wa mlendo silinapangidwe ku Lusaka pofuna kuzunza alendo. Makampani omwewa amalitsatila ku Australia, ku Canada, ku Chile ndi kwao komwe, ndipo ali ndi maofesi athunthu a anthu olemba zikalata zake. Cimene wobweletsa ndalama amaopa ndi lamulo losinthasintha caka ciliconse, ndipo pamenepo tili ndi mlandu wathu, pakuti misonkho ya migodi taisintha kambilimbili. Lamulo lokhazikika, lodziwika pasadakhale ndi logwila aliyense mofanana silithamangitsa munthu woona mtima. Ndiponso mkuwa uli pansi pa nthaka ya Kitwe ndi Solwezi sungasamutsidwile ku ofesi ya ku Ulaya. Cimene cingasamuke ndi phindu lokha.

Ena, anzelu zao, amati mtengo wa mlendo ndi wongoganizila, cifukwa nthawi zambili mlendo wofananitsa naye sapezeka. Apa akunena zoona pang'ono. Pa dzina la kampani, pa luso lobisika kapena pa makina opangidwila mgodi umodzi wokha, kupeza cofananitsila n'kovutadi, ndipo akatswili awili oona mtima angasiyane. Pamenepo amagwilitsa nchito njila zina, monga kuyang'ana phindu limene makampani odziimila paokha amapeza pa nchito yofanana, ndipo yankho limakhala "pakati pa apa ndi apa", osati nambala imodzi. Koma kuvuta kuyeza si cifukwa cotayila sikelo. Ndipo mkuwa, umene umabweletsa pafupifupi 70 pa 100 ya ndalama zimene dziko limapeza pa zogulitsa kunja, ndi cimodzi mwa zinthu zosavuta kuyeza pa dziko lonse.

Mlandu wa Mopani tiyenela kuunyadila, koma tisaunyadile mopitilila. Welengani zaka. Malonda a mu 2006 anagamulidwa mu 2020. Mwana amene anabadwa pamene mkuwawo unali kukwela thilaki anali ku sekondale pamene khoti linalankhula. Kwacha ya mu 2020 sinalinso ndi mphamvu ya kwacha ya mu 2006. Kampani yaikulu ingathe kulipila maloya zaka khumi osamva kuwawa, pamene cipatala cosowa mankhwala sicingadikile. Cilungamo cocedwa motele cimaphunzitsa ena kuti kuyesa mwayi kulibe vuto lalikulu.

Kucokela mu 2018 malamulo athu amafuna kuti makampani aakulu ocita malonda ndi abale ao azikonzelatu zikalata zosonyeza mmene anapezela mitengo yao, ndi kuzipeleka ZRA ikazifuna. Ici ndi cabwino, cifukwa amene ali ndi mabuku ndiye ayenela kufotokoza. Koma cikalata cosawelengedwa ndi pepala cabe. Conco tikufuna zinthu zitatu. Coyamba, ZRA ikhale ndi ofufuza okwanila odziwa malonda a zitsulo, olipidwa bwino kuti makampani omwe akuwafufuzawo asamawatenge akangophunzila nchito. Caciwili, katundu aziyesedwa ndi labotale yosadalila mgodi asanatuluke pa Nakonde, Chirundu kapena Kazungula, cifukwa akawoloka malile madzi atayika ndipo saoleka. Cacitatu, caka ciliconse Nyumba ya Malamulo iziuzidwa poyela kuti makampani angati anafufuzidwa pa mitengo ya pacibale, ndalama zingati zinapezeka, ndi milandu ingati ikali m'makhoti ndi kwa zaka zingati.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Mabuku a zamalonda a dziko lathu akhala akuonetsa Switzerland ngati mmodzi wa ogula aakulu a mkuwa wa Zambia, ngakhale kuti dzikolo lilibe nyanja monga ife, ndipo mkuwa weniweniwo umakwela sitima kupita kwina, makamaka ku Asia. Cimene cimapita ku Switzerland ndi pepala. Kucita malonda motelo si mlandu mwa iko kokha, koma ndi cifukwa cokwanila coti tizifunsa. Phungu wathu akabwela kudzatiuza kuti mgodi wakuti waonjezela matani, tisaombe m'manja msanga. Timufunse kuti matani amenewo agulitsidwa kwa ndani, ngati wogulayo ndi m'bale wa mgodiwo, ndipo ndani wa boma anaona mtengo wake ndi kuuyelekeza ndi wa ku London wa mwezi womwewo. Akalephela kuyankha, akafunse ku Nyumba ya Malamulo, pakuti ndiyo nchito imene tinam'tuma.